Kuchotsa chilembo pa dzina la mwamuna sikukonza banja

"Ukakwatiwa, sintha kalembedwe ka dzina la mwamuna wako kuti nambala yake ikhale ya mwayi, apo ayi banja silikhala." Mawu amenewa ndawamva kwa zaka zambiri kuno ku Ntcheu, ndipo andikwana.

Tiyeni tiwerengere limodzi dzina la Phiri. Njira ina yotchuka imapatsa A nambala 1 mpaka I nambala 9, kenako J n'kuyambiranso pa 1. Pamenepo P ndi 7, H ndi 8, I ndi 9, R ndi 9, I winayo 9. Zonse ndi 42, ndipo 4 kuphatikiza 2 ndi 6. Koma njira ina, yomwe amati ya Akaldeya, imapereka 8, 5, 1, 2 ndi 1, zomwe zimakwana 17, ndiye kuti 8. Dzina lomwelo, nambala ziwiri. Nanga mwayi uli pa iti? Tengani pepala muyese nokha, ndipo wokuuzaniyo mumufunse njira imene wagwiritsa ntchito komanso chifukwa chake.

Ukachotsa H kuti upeze 7 pa njira yoyamba ija, watsala ndi Piri, lomwe silinenanso phiri kapena mfunda wa munthu. Vuto lenileni limabwera dzina la pa chiphaso cha unzika likasiyana ndi la pa setifiketi ya ukwati kapena ku banki, chifukwa umayamba kuyendayenda kutsimikizira kuti ndiwe yemweyo.

Ndiye musanauze mkwatibwi wina zimenezi pa chilangizo, yambani mwawerengera njira zonse ziwirizo.