Kalata kwa amayi za mabotolo a zitsamba

"Akuti mankhwala a zitsamba alibe vuto chifukwa ndi achilengedwe, ndipo ukawaonetsa kwa namwino amakulanda. Ndi zoona?" Awa ndi mawu a amayi a ku Mufakose, mumzinda wa Harare, kwa mwana wawo. Iye adawalembera kalata iyi.

Amayi, limeneli ndi bodza. Namwino ntchito yake si kulanda, amangofuna kudziwa zomwe zikulowa m'thupi mwanu.

Inu mumamwa mapiritsi a shuga. Zitsamba zina nazonso zimatsitsa shuga, ndiye zikakumana ndi mapiritsiwo shuga amatha kutsika mopitirira. Mukayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kumva chizungulire, musati mankhwala akugwira. Imwani msanga madzi othira shuga ndipo pitani kuchipatala.

Chinanso, impso za munthu wachikulire sizisefa ngati kale. Botolo losalembedwa la pamsika, ndani akudziwa muyeso wake?

Chonde musamwe kaye zitsambazo. Tengani botololo, mizu yake ngati ilipo, mapiritsi anu onse ndi kabuku ka kuchipatala. Muwauze anamwino kangati patsiku, makapu angati, ndi tsiku lomwe mudayamba. Mapiritsi musasiye. Loweruka ndibwera tipitire limodzi kukiliniki.