Thaulo lofewa koma losapukuta, vuto ndi sitasofuti

Pa ntchito yanga yochapa zovala dandaulo lomwe ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti thaulo langa ndi labwinobwino, likununkhira, ndi lofewa, koma ndikadzipukuta madzi akungoyendayenda pathupi osauma. Ambiri amaganiza kuti anagula thaulo lachabechabe, chonsecho nthawi zambiri ndi madzi ofewetsa zovala aja timangowatchula kuti sitasofuti kaya ndi a kampani iti.

Mankhwala amenewa sachapa ayi. Amapangidwa kuchokera ku mafuta, ena a nyama ena a zomera monga kanjedza, ndipo anawakonza kuti mukawathira m'madzi otsukuluzira azikakamira pa ulusi wa nsalu osachoka ndi madziwo. Ndiye ulusi uliwonse umavala kachikuto kopyapyala koterera, kufewa mumakumva m'manja kuja ndi kumeneko. Pa shati palibe vuto. Koma thaulo ntchito yake ndi kumwa madzi, timaulusi topindika tija timayenera tinyowe msanga n'kukoka madzi kuchoka pakhungu, tsono mukatikuta ndi zamafuta zimakhala ngati mwendo wodzola mafuta ambiri, madzi amangopanga timadontho n'kutsetsereka. Kamodzi kokha simungaone kusintha kwenikweni, koma sabata ndi sabata kachikuto kaja kamanka kakhuthala, makamaka kwa ife okonda kuthira mongoyerekeza osayeza ndi chitsekero.

Kuyesa kwake nkosavuta. Yalani thaulo louma patebulo, donthezani supuni yaing'ono ya madzi. Thaulo labwino limamwa pompo n'kusiya malo onyowa, lokutidwa lija madzi amayamba akhala kaye pamwamba ngati kampira.

Tinene kuti muli ndi mathaulo awiri omwe akhala akulandira sitasofuti miyezi ingapo. Musawataye. Achapeni paokha m'madzi otentha, pa makina ikani madigiri 60, pamanja madzi oti dzanja likupirira movutikira ndipo muwaviike kaye mphindi 30, sopo waufa wapang'ono chabe. Tsukuluzani kawiri, kenako m'madzi omaliza a ndowa ya malita 10 thiranimo theka la kapu ya viniga woyera, akhalemo mphindi 15, finyani n'kuyanika. Viniga amathandiza kusungunula zotsalira za sopo ndi mchere wa m'madzi, fungo lake limatha likauma. Ngati madzi akadakhalabe pamwamba bwerezani, ena amafuna kawiri kapena katatu. Chonde chonde viniga asakumane ndi jiki, ziwirizi zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wa poizoni wowononga mapapo, ndipo mu bafa yotseka ndi ngozi yeniyeni.

Mwina mukuti nanga thaulo likauma gwa ngati chiguduli ndipange bwanji. Kuuma gwa kuja kawirikawiri kumabwera chifukwa cha sopo wambiri wosatsukuluzika, madzi a pamjigo kapena pachitsime okhala ndi mchere wambiri, komanso kulisiya padzuwa tsiku lonse mpaka kuuma gwa. Chepetsani sopo, likung'untheni mwamphamvu musanayanike, mulikung'unthenso mukamaanula, timaulusi tija timadzuka tokha.

Ku zovala zamasewera nkhani ndi yomweyo koma imaonekera ku fungo. Jezi ya mpira, zothina za ku jimu, zambiri ndi poliyesita wosakaniza ndi ulusi wotamuka, ndipo anaziluka kuti thukuta liziyenda m'timipata ta ulusi kupita kunja komwe limauma msanga. Sitasofuti amasokoneza kuyenda kumeneku, thukuta limatsalira pakhungu, komanso mafuta a m'thupi amakanirira mu kachikuto kaja ndipo mabakiteriya amapeza chakudya. Ndi chifukwa chake jezi imanunkhira bwino pochoka pachingwe koma mukangothamanga mphindi 10 fungo la m'khwapa lija labwerera, munthu n'kumawonjezera sitasofuti kuti aphe fungolo, kumene kuli kukulitsa vuto. Izi musazithire madzi otentha ngati thaulo, ulusi wotamuka umafooka ndipo manambala omata aja amasupuka. Tembenuzani kunja kukhale mkati, madzi ozizira kapena madigiri 30, chapani tsiku lomwelo osazisiya zonyowa m'chikwama, yanikani pamthunzi.

Matewera ansalu a mwana nawonso sitasofuti ayi, chifukwa thewera losamwa limadontha. Chimodzimodzi tinsalu topukutira mbale ndi magalasi, timasiya mizere. Zovala zolembedwa kuti sizigwira moto msanga, monga maovolosi ena akuntchito, musayerekeze nkomwe, werengani kachizindikiro ka m'khosi.

Pa mashati a thonje, nsalu zoyala pabedi, majuzi othetheka pomavula aja, sitasofuti thirani ndithu, koma chitsekero chimodzi monga alembera pabotolo ndiponso m'madzi omaliza okha. Ndimaona ambiri ochapa m'beseni amathira limodzi ndi sopo kuti zithe msanga, koma ziwirizi zimagwirana n'kufooketsana, sopo sachapa bwino, zovala sizifewa, ndipo nthawi zina zimasiya timadontho totuwa pa zovala zakuda toti muchapenso kachiwiri.