Musathamangire kunena kuti "ndaisiya ntchito yanu"

Mwa anthu odzilemba okha ntchito amene amabwera mu ofesi yanga kuno ku Zomba, ambiri amafika nkhani itaonongeka kale ndi uthenga umodzi wa pa WhatsApp wolembedwa usiku mtima uli m'mwamba. Uthengawo umakhala woti: "Basi, ndatopa nanu, ndaisiya ntchito yanu, ingondipatsani zanga." Mkwiyowo ndimaumvetsa. Koma mawu amenewo akhoza kukudyerani ndalama zomwe munakhetsera thukuta.

Nditenge nkhani ya mtsikana wina wa ku Matawale, wojambula makanema. Anagwirizana ndi bungwe lina laling'ono kuti awapangire kanema wa mphindi khumi woonetsa ulimi wothirira cha ku Domasi. Mtengo unali K900,000. Mwayi wake, koteshoni anailemba moduladula: kujambula masiku atatu, K120,000 pa tsiku, kusanja ndi kulumikiza kanema, kuphatikizapo kukonza kawiri zomwe eni ake angadandaule, K400,000, kumalizitsa mawu ndi kupereka kanema womaliza, K140,000. Mkulu wa bungwelo anayankha kuti "zili bwino, yambani", natumiza dipoziti ya K300,000.

Anajambula, nasanja, natumiza kuti aone. Anamuuza zosintha, anasintha. Kenaka kunabwera zina. Akuti apitenso ku chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa akajambule asodzi, aike mawu a Chingerezi m'munsi mwa kanema yense, adulenso timakanema titatu ta pa Facebook. Atafunsa za ndalama yowonjezera, anamuyankha kuti: "Achemwali, si zonsezi ndi kanema yemweyo? Mukamaliza zonse ndiye tikulipirani."

Malamulo athu a mgwirizano, omwe ambiri tinatengera ku Mangalande, amayamba afunsa kuti waphwanya pangano ndani. Ngati munapangana ntchito imodzi yathunthu pa mtengo umodzi wolipiridwa pomaliza, inu n'kuisiyira panjira mwa kufuna kwanu, khothi likhoza kunena kuti palibe chomwe mungaitanitse, chifukwa ndalamayo inali ya ntchito yotha. Mwinanso winayo angatembenuke n'kukusumirani kuti wawononga zambiri polemba munthu wina. Zimawawa, koma ndi mmene zilili.

Kukana ntchito yowonjezera si kuphwanya pangano. Mtsikanayu sanalonjeze za ku Chisi. Amene wanena kuti salipira mpaka mutachita zomwe simunapangane ndiye amene wayamba kulikana panganolo. Zikafika pamenepo muli ndi ufulu wolithetsa n'kuitanitsa mtengo woyenera wa ntchito yomwe mwagwira. Ndiye ntchito yanu yaikulu ndi kuonetsa poyera, polemba, kuti wakana ndi iyeyo, osati inu.

N'chifukwa chake kalata yoyamba yomwe tinalemba sinali yothetsa kanthu. Inali yaifupi, yaulemu. Inatchula zomwe zinali mu koteshoni ndi tsiku lomwe bwanayo anavomera. Inanena kuti mtsikanayu ndi wokonzeka kumaliza kanema wa ku Domasi monga anapanganira, ndipo za ku Chisi, mawu a Chingerezi ndi timakanema tija angathe kuchita pa mtengo wina, womwe tinaulemba pomwepo. Pomaliza tinapempha yankho pasanathe masiku asanu ndi awiri: amalize zomwe anagwirizana, kapena alandire zowonjezera pa mtengo watsopano? Masikuwo si lamulo. Chofunika ndi chakuti ikhale nthawi yoti munthu wanzeru angavomereze kuti inali yokwanira.

Anayankha kuti ndalama yowonjezera palibe, ndipo popanda za ku Chisi sadzalipira ngakhale tambala. Yankho limeneli linali la mtengo wapatali kuposa mawu onse omwe ine ndikanalemba. Ndipamene tinatumiza kalata yachiwiri, yonena kuti popeza akana kulipira zomwe anapangana, mgwirizano watha, ndipo nayi invoisi.

Kuwerengera ndiye poterera. Anthu ambiri amafuna kuitanitsa ndalama yonse yotsala, ena amawonjezera "ya kundivutitsa". Ife tinayenda ndi koteshoni mzere ndi mzere. Kujambula kunatha: K360,000. Kusanja kunatha ndi kukonza koyamba, kunatsala kwachiwiri. Pa K400,000 tinaikapo K300,000, n'kufotokoza chifukwa chake. Kumalizitsa kunali kusanayambike, sitinaikepo kanthu. Zonse pamodzi K660,000. Kuchotsapo dipoziti, panatsala K360,000. Mtsikanayu anakwinya nkhope, ankayembekezera K600,000. Zoona, lamulo limalola kufunanso phindu lomwe mukanapeza pa gawo lotsalalo, koma liyenera kutsimikizidwa, ndipo limatalikitsa mkangano. Ine ndimakonda nambala yomwe winayo akaiona amasowa poigwira.

Nanga ngati koteshoni yanu inali mzere umodzi, "kanema, K900,000"? Simunataye zonse, koma katundu walemera. Pangano la pakamwa ndi panganobe, ndipo lamulo la 2016 loona za kuchita zinthu kudzera pa makina a intaneti limazindikira mauthenga a pa foni ndi imelo. Vuto limakhala kuonetsa pomwe ntchito inkayenera kulekezera. Mumadalira uthenga woyamba womwe anafotokoza zomwe akufuna, masiku omwe munagwira, malisiti a mayendedwe, ndi mitengo yomwe anzanu amatchaja pa ntchito ngati yomweyo. Choncho musafufute macheza, ndipo mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba oonetsa dipoziti muwasunge kwina, foni imatayika mu minibasi. Samalaninso ndi tizowonjezera tomwe munachita kale mosadandaula. Mukachita kawiri katatu kwaulere, winayo adzati zinali mkati mwa pangano kuyambira pachiyambi.

Pali msampha wina pa nthawi yolandira. Amatha kukutumizirani K150,000 ndi kapepala koti musayine kuti zonse zathera pamenepo. Mukasayina, zotsalazo zidzavuta kwambiri kuzifuna. Ngati mukuilandira monga gawo chabe, lembani tsiku lomwelo kuti mwalandira zakuti, zatsala zakuti. Ndipo za kumunyoza munthu pa Facebook zisiyeni, mungadziitanire mlandu woipitsa mbiri pamwamba pa ngongole yomwe mukuitanitsayo.

Akapanda kulipira, ambiri amathamangira ku leba. Kumeneko, pamodzi ndi khothi loona za anthu apantchito, ndi kwa olembedwa ntchito. Inu amene mumabwera ndi kamera yanu, n'kudzitchulira mtengo, kawirikawiri mumaonedwa ngati wochita bizinesi, ndipo nkhani yanu ndi ya ngongole. Imapita ku khothi la majisitireti, komwe kuli njira yapafupi ya milandu ya ndalama zochepa yomwe munthu angathe kudziyendetsera popanda loya. Ndalama zikachuluka, imakwera ku khothi lalikulu. Akalaliki a pa khothi adzakuuzani komwe ndalama yanuyo ikugwera. Mumuone bwino amene mukumusumira: ngati munapangana ndi bungwe, sumirani bungwelo m'dzina lomwe linalembetsa, osati munthu amene ankakutumizirani mauthenga. Lamulo limapereka zaka zisanu ndi chimodzi pa milandu ya mgwirizano, koma mabungwe ang'onoang'ono ena amatseka thandizo likangotha, ndiye musagone nazo.

Nkhani ya mtsikanayu sinafike kukhothi. Patapita masabata atatu a bungwe lija analipira K360,000 m'magawo awiri, iye n'kuwapatsa zonse zomwe anajambula ku Domasi pamodzi ndi kanema wosamalizayo, atasayinirana kuti palibenso wofuna mnzake kanthu. Mafayilo anawapereka gawo lachiwiri litalowa.