Dipoziti ya katundu amene simunamuone: apa ndi pamene ndalama za ogula zimathera

Wogulitsa wabodza pa intaneti alibe katundu, choncho ntchito yake yonse ndi imodzi basi, kukuchititsani kuti mutumize ndalama munthu aliyense wa mbali yanu asanagwire katunduyo ndi manja. Zithunzi zokongola, ndemanga za makasitomala, lisiti ya kampani yonyamula katundu ngakhale chithunzi cha chiphaso cha unzika, zonsezi amazipanga kapena kuziba kuti afike pamenepo. Mukaimvetsa mfundoyi, mumasiya kuyang'ana zimene iye wasankha kukuonetsani, n'kuyamba kumupempha zinthu zimene munthu wopanda katundu sangathe kuchita.

Titenge chitsanzo, ndipo mitengoyi ndi yongoyerekezera. Mayi wina ali ku Karonga ndipo waona pa Facebook tsamba logulitsa mafoni lomwe likuti shopu yawo ili ku Limbe. Foni yomwe m'mashopu ikugulitsidwa pa K450,000, iwo aiika pa K260,000, ati akutsitsa mitengo chifukwa katundu watsopano ali m'njira. Mayiyo akalemba uthenga, amamuyankha msanga ndiponso mwaulemu, kenako amamupempha kuti akambirane bwino pa WhatsApp. Kumeneko amamuuza kuti zatsala ziwiri zokha ndipo wina akufuna kulipira masana ano, ndiye ngati akuifunadi atumize theka, K130,000, yotsalayo adzapereka foni ikafika.

Mtengo wotsika chonchi ndi nyambo, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuona. Wamalonda weniweni anaoda foniyo, analipira mayendedwe ndi msonkho, ndiye sangaitaye pafupifupi theka la mtengo pamene ogula alipo mumzinda womwewo. Musanakambe china chilichonse, funsani mtengo wa chinthu chomwecho m'malo atatu odziwika. Kusiyana kwa K20,000 kapena K30,000 n'kwa malonda wamba. Kusiyana kwa K190,000 kukufunika chifukwa chomveka, ndipo "tikutsitsa mitengo" si chifukwa. Kufulumizitsa kuja nakonso n'kwadala, chifukwa munthu amene wauzidwa kuti mwayi utha masana ano sapeza mpata wofunsa mnzake.

Tsambalo nalonso limadziulula lokha mukadziwa poyang'ana. Pa tsamba la bizinesi la Facebook, lowani pa About ndipo mupeze pamene palembedwa Page transparency. Pamenepo pamaoneka tsiku limene tsambalo linatsegulidwa komanso mayina amene linkadziwika nawo kale. Shopu yomwe ikunena kuti yakhala pa malonda zaka zisanu koma tsamba lake linatsegulidwa masabata atatu apitawo n'kutheka kuti ikunama. Nthawi zina mumapeza tsamba lakaledi, la otsatira ambiri, koma lomwe mwezi watha linali la nthabwala kapena la mpira, ndiye kuti linagulidwa kapena kubedwa n'kusinthidwa dzina. Onaninso ndemanga. Ngati pansi pa chithunzi palembedwa kuti pali ndemanga 40 koma mukatsegula zikuoneka zisanu ndi chimodzi zokha, zonse zoyamikira, n'kutheka kuti zodandaula zinabisidwa. Zithunzi za katundu mutha kuzifufuza ndi Google Lens, ndipo mukapeza chithunzi chomwecho, tebulo lomwelo, pa tsamba la shopu ya ku Nairobi kapena ku Johannesburg, mwadziwa kumene chinatengedwa.

Koma zonsezi wakuba wochenjera akhoza kuzikonza. Mayeso amene amamugwira ndi a katundu weniweniyo. Mupempheni muimbirane pa vidiyo nthawi yomweyo, osati akutumizireni kavidiyo kojambula kale. Ayatse foniyo inu mukuona, aimbe *#06# kuti nambala ya IMEI, yomwe foni iliyonse ili ndi yakeyake, ioneke, ndipo inu muilembe kuti mudzaifananize ndi ya foni imene idzafike. Ngati ndi nsapato, filiji kapena mabatire a sola, muuzeni alembe dzina lanu ndi tsiku la lero pa pepala, aliike pa katunduyo, ajambule. Wamalonda weniweni zimenezi zimamutengera mphindi ziwiri. Wabodza amayamba zifukwa: netiweki ikuvuta, kamera inasweka, katundu ali kunyumba yosungira ndipo makiyi ali ndi abwana.

Mayeso aakulu kuposa onse ndi mawu awa: "Ndili ndi mchimwene wanga ku Blantyre, abwera kudzaona foniyo ndipo alipira pompo." Nenani mawuwa ngakhale musanamupeze womutumayo, kenako mverani yankho. Amene ali ndi shopu amakuuzani msewu, nyumba ndi nthawi yotsekera. Amene alibe amasintha nkhani. Mwadzidzidzi shopu ya ku Limbe ija ikukonzedwa, katundu ali ku Lilongwe, ndipo mukanena kuti muli ndi m'bale ku Lilongwe, katunduyo amakhala ali m'galimoto yopita ku Mzuzu. Katundu wa wakuba nthawi zonse amakhala kumene inu mulibe munthu.

Ena pofuna kukulimbitsani mtima amatumiza chithunzi cha chiphaso cha unzika, n'kunena kuti "nayi ID yanga, ndingakubereni bwanji?" Chithunzi chimenechi sichitsimikizira kuti mukulankhula ndi mwini chiphasocho. Nthawi zambiri chimakhala cha munthu wina amene anaberedwa kale, amene anauzidwa kuti atumize chiphaso chake kuti "amulembetse" kolandirira katundu. N'chifukwa chake inunso musatumize chithunzi cha chiphaso chanu kwa wogulitsa wosadziwika. Wonyamula katundu amangofuna dzina lanu, nambala ya foni ndi malo okalandirira.

Tibwerere kwa mayi wa ku Karonga uja, tinene kuti watumiza K130,000 ija. Madzulo amalandira chithunzi cha kabokosi kolembedwa dzina lake ndi lisiti yonyamulira katundu. M'mawa mwake munthu wina, pa nambala ina, amamuimbira kuti ndi wa kampani yonyamula katundu ndipo phukusi laima chifukwa silinalipiridwe K18,000. Akalipira, pamatuluka K45,000 ya inshulansi yomwe ati "idzabwezedwa" katundu akafika. Munthu amalipira ndalama zachiwirizi osati chifukwa akukhulupirirabe, koma chifukwa akuopa kutaya zoyamba zija, ndipo akubawo amadziwa zimenezi bwino lomwe. Pofika apa K193,000 yapita, ndipo sadzasiya kupempha mpaka iye atasiya kutumiza. Dziwani kuti mtengo wonyamulira katundu umadziwika pa kauntala phukusi likamalandiridwa, sumabadwa panjira. Mukapatsidwa lisiti, imbirani kampaniyo pa nambala imene mwaipeza nokha, osati yolembedwa pa lisitiyo, ndipo mufunse ngati nambala ya phukusiyo ilipo m'mabuku awo. Chimodzimodzi wogulitsa akanena kuti katundu wochokera ku Joni wagwidwa pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza ndipo pakufunika ya msonkho. Msonkho wa katundu wolowa m'dziko umalipiridwa ku MRA ndipo pamatuluka lisiti ya boma, sutumizidwa pa nambala ya foni ya munthu.

Pa kalipiridwe kenikeniko pali zinthu ziwiri zoti muzionetsetse. Mukamatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, dzina la mwini nambala limaoneka musanatsimikize. Liwerengeni, musalidumphe. Ngati mwakhala mukulankhula ndi bambo wa dzina lina koma pakutuluka dzina la mayi wosadziwika, imani kaye. Inde, alipo amalonda oona amene amagwiritsa nambala ya mkazi wawo kapena ya wantchito, koma chifukwa chomwechi ndi chimene akuba amapereka, ndiye dzina losiyana likakumana ndi mtengo wotsika komanso kukana vidiyo, musatumize. Nambala ikasintha pakati pa zokambirana, muja amanenera kuti "yangayi yadzaza, ndalama ija mutumize pa nambala iyi", ndi chizindikiro chinanso choipa kwambiri.

Chachiwiri ndi chobisika pang'ono. Wogulitsa amakupatsani nambala yaifupi n'kunena kuti ndi yolipirira ku shopu yawo, kenako amakulondolerani kuti musankhe potapa ndalama. Nambalayo imakhala ya ajenti wamba wa kwinakwake amene sakudziwa chilichonse. Inu mukatsimikiza, pa makina zimaoneka ngati mwatapa ndalama zanu nokha kwa ajentiyo, pamene wakubayo waima pa kabenchi ka ajentiyo kunena kuti ndi iye watapa, n'kulandira ndalama m'manja. Nambala yake yeniyeni sioneka paliponse. Kulipira katundu ndi kutapa ndalama ndi njira ziwiri zosiyana pa mndandanda wa foni yanu, ndipo ngati simunaime pamaso pa ajenti, musasankhe kutapa.

Nambala yanu yachinsinsi, kapena manambala amene amabwera pa uthenga kuchokera ku banki kapena ku WhatsApp, palibe wogulitsa amene amawafuna. Amene akuti "ndikubwezereni ndalama zanu, ingondiwerengerani manambala abwerawo" akufuna kulowa mu akaunti yanu.

Ndiye mungagule bwanji kwa munthu wakutali amene simukumudziwa? Njira yodalirika ndi yoti munthu wanu apite, aone katundu, amuyese, ndipo inu mutumize ndalama iye ali pompo, kenako iye yemweyo akapereke phukusi kwa onyamula. Ngakhale mutamupatsa K10,000 ya minibasi ndi chakudya, n'zochepa poyerekeza ndi K130,000. Ngati mulibe munthu, gwirizanani zolipira katundu akafika, ndipo ngati wogulitsa akuopa kuluza ya mayendedwe, zomwe n'zomveka chifukwa ogula ena nawonso amathawa, mutha kulipira ya mayendedwe yokhayo ku ofesi ya kampani yonyamulayo. Phukusi likafika litseguleni pomwepo musanamalize kulipira, chifukwa kutumiziridwa bokosi la foni muli sopo kapena foni yakufa ndi kuba kwa mtundu womwewu.

Ngati ndalama zapita kale, nthawi ndi yofunika kuposa china chilichonse. Kampani ya foni ingathe kuimitsa ndalama ngati zikadali mu nambala imene munatumizako, koma akuba amazitapa kapena kuzisamutsira ku manambala ena m'mphindi zochepa. Imbirani Airtel, TNM kapena banki yanu nthawi yomweyo, musanayambe kukangana ndi wakubayo, ndipo muwapatse nambala ya umboni imene ili mu uthenga wotsimikizira kuti mwatumiza, kuchuluka kwa ndalama, nthawi ndi nambala yolandira. Jambulani zokambirana zonse ndi tsamba lake asanakutsekereni, pakuti akangokubulokani zina simuzionanso. Mukatero pitani ku polisi ndi umboniwo mukalembetse dandaulo. Kubera munthu mwachinyengo ndi mlandu, ndipo Malawi alinso ndi lamulo la 2016 lokhudza malonda ndi chitetezo pa intaneti. Apolisi ndi amene angapemphe kampani ya foni kuti ionetse kumene ndalamazo zinadutsa. M'masiku otsatira pakhoza kubwera foni ya munthu wonena kuti ndi wapolisi kapena wa ku kampani ya foni, woti ndalama zanu zapezeka koma mutumize kaye kenakake kotsegulira fayilo. Ameneyo ndi wa gulu lomwe lija, ndipo nambala yakeyo muionjezere pa dandaulo lanu.