Magazi pa shiti: musawaphike ndi madzi otentha

Aliyense amene anaonapo liwende likuphikidwa akudziwa zimene moto umachita ndi magazi. Amalowa mumphika ali amadzimadzi, koma amatuluka ataundana, ali bii. Zomwezo n'zimene zimachitika mukathira madzi otentha pa shiti yomwe mwana wadonthezera magazi a kamfuno usiku. Magazi ali ndi mapuloteni ambiri, ndipo akatenthedwa mapuloteniwo amaundana n'kukanirira m'kati mwa ulusi wa nsalu. Akafika pamenepo sasungunukanso m'madzi, ndipo sopo amangotsuka pamwamba, banga lofiirira n'kutsala. Mtundu wofiirirawo umachokera ku ayironi wa m'magazi, n'chifukwa chake banga lakale limaoneka ngati dzimbiri.

Choncho yambani ndi madzi ozizira a pampopi kapena a mumtsuko, osapitirira madigiri 30. Tembenuzani shiti kuti madzi alowere kuseri kwa banga, azikankhira magazi kunja kumene anadzera. Mukathira kumaso kwake mumawalowetsa m'kati. Musafikise mwamphamvu poyamba, chifukwa banga laling'ono ngati ndalama yachitsulo limatha kukula ngati chikhatho. Madzi akayamba kutuluka oyera, pakani sopo, pekesani pang'onopang'ono, kenako tsukuluzani. Magazi atsopano nthawi zambiri amathera pomwepa.

Ovuta ndi amene agona mpaka kuuma. Amenewa amafuna kuleza mtima osati mphamvu. Sungunulani masupuni aakulu awiri a mchere mu lita imodzi ya madzi ozizira, viikani mbali yothimbirirayo kwa ola limodzi kapena awiri, ndipo madzi akafiira muwataye n'kuthira ena. Mukatero viikaninso m'madzi ozizira a sopo waufa, makamaka wokhala ndi ma enzaimu, omwe ntchito yawo n'kuphwanya mapuloteni. Banga likakanika, lisiyeni usiku wonse.

Pa shiti yoyera ya thonje mungadonthezepo haidirojeni perokisaidi wa 3 peresenti, wogula ku famase. Mudzaona thovu likuwira pabangapo. Dikirani mphindi zisanu, tsukuluzani, ndipo bwerezani ngati pakufunika. Pa nsalu yamtundu yesani kaye pampendero, chifukwa amatha kusuwitsa. Jiki musathamangire: pa magazi amene sanatsukidwe bwino amasiya banga lachikasu, komanso akachuluka amadya ulusi. Ndipo musamusakanize ndi mankhwala ena alionse. Ngati magaziwo ndi a munthu wina, makamaka wodwala, valani magolovesi.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pomaliza penipeni. Nsalu yonyowa imabisa banga, munthu n'kuyanika padzuwa la Okutobala kenako n'kudutsitsapo simbi yamakala, osadziwa kuti akuphika magazi otsalira. Musanayanike, tambasulani shiti poyang'anizana ndi kuwala. Mukaona kamzere kachikasu kozungulira pamene panali banga, ibwezereni m'beseni la madzi ozizira.