Nambala munatenga, nanga munaimba?

Chionetsero cha malonda chikatha, ambiri amathamangira kuwerenga ndalama za patebulo. Ine ndimayamba ndafunsa kope la manambala a foni za alendo. Zogulitsa tsikulo kawirikawiri zimangobweza ndalama ya malo ndi thiransipoti. Phindu lili mwa bambo uja wogulira katundu loji ya ku Monkey Bay, amene analawa uchi wanu, n'kugwedeza mutu, n'kumapita.

Za tebulo sindichulutsa gaga m'diwa. Lembani mitengo iwiri poonekera, wa botolo limodzi ndi wa katoni, kuti wopikula adzionetse yekha. Ikakhala nyengo ya mwera, tengani miyala yopsinjira mapepala. Mukhale awiri, wina wodziwa Chiyao, kuti mmodzi akamapereka chenji mnzake azilemba. Lachisanu masana anthu amachepa popita kumzikiti, ndiye idyeranitu nkhomaliro nthawi imeneyo.

Gulu lina la alimi a njuchi lomwe ndinkalithandiza linachoka pachionetsero cha pa Boma ndi manambala 60. Tinasangalala, mpaka titayamba kuimba. Alendo ankadzilembera okha, moti manambala 11 anali operewera kapena osawerengeka. Pa otsalawo panalibe wokumbukira kuti wofuna katoni ndi uti, wongolawa ndi uti. Titaimba patatha milungu itatu, yankho linali loti, “Pepani, ndinu ndani?” Kulakwa kunali kwanga, chifukwa sindinawauze kalembedwe.

Masiku ano kope timagwira tokha. Munthu akatchula nambala timawerenga ngati manambala akwana 10, n'kumuflasha ali pomwepo. Foni ikalira m'thumba mwake, nambala ndi yoona, ndipo yathu yalowa kwa iye. Kenako timalemba kamzere ka zomwe wanena: “loji, mabotolo 24 pamwezi, akufuna ang'onoang'ono a patebulo la kadzutsa.” Timafunsanso kuti, “Tikuimbireni liti, bambo?” Wotchula kuchuluka kwa katundu ndi tsiku timamuikira nyenyezi. Wongoti “tiona” alibe nyenyezi.

Anyenyezi sachuluka, mwina asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo sabata yonse ndi yawo. Chionetsero chikatha, m'mawa mwake timatumiza pa WhatsApp chithunzi cha tebulo lathu, poti anazungulira matebulo ambiri ndipo dzina la gulu anaiwala kale, pamodzi ndi mtengo wa chomwe anafunsa chokha. Tsiku lachitatu chithereni chionetsero timaimba. Apa ambiri amafunsa kuti, “Mwaganiza bwanji?” ndipo amayankhidwa zozemba. Funsani chinthu choyankhika: “Tibweretse botolo lolawa Lachinayi kapena Loweruka?” Sabata isanathe, botololo likhale litafika m'manja mwa wophika wa palojipo, popeza nthawi zambiri ndiye amauza abwana zoti agule.

Opanda nyenyezi alandire uthenga umodzi basi. Wanyenyezi akapanda kuyankha kawiri, lembani deti m'kopemo, mumusiye, mudzamuyesenso tchuthi cha Disembala chikamayandikira, malojiwo akayamba kudzaza alendo.