Mankhwala a chithokomiro: kabimazo, ayodini wa radiyeshoni ndi levothayirokisini

Chithokomiro ndi kachiwalo ka pakhosi kamene kamatenga ayodini wa m'zakudya n'kupanga mahomoni otchedwa T4 ndi T3, amene amayendetsa liwiro la ntchito za m'thupi. Akachuluka, munthu amaonda ngakhale akudya kwambiri, mtima umathamanga, manja amanjenjemera ndipo thukuta silimuchoka. Akachepa, amangomva kutopa, amazizidwa, amadzimbidwa ndipo amanenepa. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kena kamene kamatumiza homoni ya TSH yolamula chithokomiro kuti chigwire ntchito. Mahomoni a chithokomiro akachepa TSH imakwera, akachuluka imatsika, n'chifukwa chake adokotala amaiyeza pofuna kudziwa ngati mlingo wa mankhwala wakwana.

Kabimazo ndi ayodini wa radiyeshoni amaperekedwa mahomoni akachuluka, pomwe levothayirokisini amaperekedwa akachepa. Mankhwala onse atatu amachedwa kuonetsa zotsatira ndipo amafuna kudekha, koma pali vuto limodzi limene silidikira mawa. Kuti zimveke bwino, tiyerekeze za mayi wa zaka 34, wolemera makilogalamu 60, amene wapezeka ndi matenda a Graves. Pa matendawa chitetezo cha m'thupi chimakolezera chithokomiro kuti chizipanga mahomoni mopyola muyezo.

Kabimazo

Mayiyu wauzidwa kuti azimwa mamiligalamu 30 a kabimazo tsiku lililonse. Akalowa m'thupi, kabimazo amasanduka mankhwala ena amene amatsekereza ntchito yolumikiza ayodini popanga mahomoni atsopano. Mahomoni amene anapangidwa kale n'kusungidwa m'chithokomiro sawakhudza, ndipo nkhokwe imeneyi imatenga masabata 4 mpaka 6 kuti iphwe. Choncho mayiyu akaona kuti sabata yoyamba yatha mtima ukuthamangabe, asawonjezere mapiritsi payekha. Pa nthawi yodikirayi adokotala amapereka propuranololo wochepetsa kuthamanga kwa mtima ndi kunjenjemera, koma amene ali ndi mphumu anene msanga chifukwa mankhwalawa angamutseke m'chifuwa. Mahomoni akatsika, kabimazo amachepetsedwa kufika pa mamiligalamu 5 mpaka 15, ndipo amamwedwa miyezi 12 mpaka 18.

Vuto losadikira lija ndi ili. Mwa anthu ochepa, osakwana mmodzi pa 100 alionse, kabimazo amagwetsa mwadzidzidzi maselo oyera a m'magazi amene amalimbana ndi tizilombo. Zimachitika kawirikawiri m'miyezi itatu yoyambirira. Zizindikiro zake ndi kutentha thupi, kupweteka pakhosi ndi zilonda m'kamwa. Kwathu kuno thupi likatentha timathamangira kuganiza za malungo, n'kugula panado pa okala n'kumadikira kuti tione mawa. Kwa munthu womwa kabimazo, kudikira kumeneko kungamutayitse moyo. Siyani kumwa mapiritsiwo nthawi yomweyo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mutanyamula paketi yake, ndipo nenani kuti mukumwa kabimazo ndipo mukufunika kuyezedwa kuchuluka kwa maselo oyera. Malungo ayezedwe ndithu, koma ngakhale atapezeka, maselo oyerawo ayezedwebe. Akapezeka atagwa, kabimazo simudzamwanso moyo wanu wonse. Maso achikasu, mkodzo wakuda kapena kupweteka kwambiri m'mimba chakumtunda nazonso n'zofunika kusiya mankhwala n'kuthamangira kuchipatala.

Kabimazo angalemaze mwana m'miyezi itatu yoyamba ya pathupi, choncho mayiyu ayenera kugwiritsa ntchito njira yodalirika yolera. Akafuna mwana, akambirane ndi adokotala asanaime. Pa miyezi imeneyi amasinthiridwa ku propilithiyourasili, amene naye amafuna kumuyang'anira chifukwa angawononge chiwindi.

Ayodini wa radiyeshoni

Pafupifupi theka la odwala matenda a Graves amayambiranso kudwala akasiya kabimazo. Tinene kuti mayiyu zamubwerera. Njira zotsala ndi kupitiriza mapiritsi, opaleshoni, kapena ayodini wa radiyeshoni, amene dokotala Saul Hertz wa ku Boston anayamba kuchizira odwala mu 1941. Amaperekedwa m'zipatala zokhala ndi zipangizo zapadera zokha. Munthu amameza kapisozi kamodzi kapena kumwa timadzi. Chithokomiro chimayamwa ayodiniyu ngati ayodini wamba, ndipo cheza chake, chimene chimalowerera mamilimita 1 kapena 2 okha, chimapha maselo a chithokomiro pang'onopang'ono. Mphamvu yake imatsika ndi theka masiku 8 alionse, ndipo wotsala amatuluka makamaka mu mkodzo. Kabimazo amayamba aimitsidwa masiku angapo kuti asalepheretse ayodiniyu kugwira ntchito.

Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa sapatsidwa konse, chifukwa angawononge chithokomiro cha mwana. Akalandira, mayi asatenge pathupi kwa miyezi 6, ndipo bambo asapereke pathupi kwa miyezi yosachepera 4. Kwa masiku amene achipatala angakuuzeni, gonani panokha ndipo musabereke kapena kufukata ana nthawi yaitali. Kwa mayi wa ana aang'ono izi n'zowawa, ndiye ndi bwino kupezeratu wachibale wodzathandiza tsikulo lisanafike. Amene maso ake anatong'oka ndi matenda a Graves anene, chifukwa ayodiniyu angawonjezere vutolo, makamaka kwa osuta fodya.

Ambiri olandira ayodiniyu chithokomiro chawo chimafooka pakapita miyezi, ena zaka. Izi zimayembekezeka, ndipo apa m'pamene pamalowa mankhwala achitatu.

Levothayirokisini

Awa ndi T4 yemwe uja, wopangidwa kufakitale. Sachiza chithokomiro, amangobwezera zimene chikulephera kupanga, choncho ambiri amamwa moyo wonse. Mlingo wokwanira ndi pafupifupi mamayikulogalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Kwa mayi wathu, 1.6 kuchulukitsa ndi 60 ndi 96, ndiye amapatsidwa piritsi la 100. Okalamba ndi odwala mtima amayambira pa 25 n'kumakwera pang'onopang'ono, chifukwa mlingo waukulu ungaupanikize mtima.

Mankhwalawa amakhalitsa m'magazi, moti theka lake limatha pakapita masiku pafupifupi 7. N'chifukwa chake TSH imayezedwa patapita masabata 6 mpaka 8 chiyambireni kapena chisinthireni mlingo. Kuyeza msanga kumapereka chithunzi cholakwika.

Tinene kuti masabata 8 apita, mayiyu akumwa mosaphonya, koma TSH idakali yokwera. Asanawonjezere mlingo, dokotala wosamala amafunsa kamwedwe kake. Zikupezeka kuti amamwa piritsilo pamodzi ndi mapiritsi a ayironi owonjezera magazi, n'kutsirira phala la soya. Ayironi, kashiyamu ndi mankhwala a chilungulira zimagwira levothayirokisini m'matumbo kuti asalowe m'magazi, ndipo soya ndi khofi nazo zimachepetsa kalowedwe kake. Amwe piritsilo ndi madzi akangodzuka, adikire mphindi 30 mpaka 60 asanadye, ndipo a ayironi aziwamwa patapita maola 4. Nthawi zambiri TSH imatsika mlingo usanasinthidwe. Rifampisini wa chifuwa chachikulu ndi mankhwala ena a khunyu monga kabamazepini amafulumizitsa kutha kwa levothayirokisini m'thupi, choncho mukayamba kumwa amenewa uzani adokotala kuti akuyezeninso.

Mlingo ukapitirira, zizindikiro zija za kuchuluka kwa mahomoni zimabwerera, mtima umagunda mosokonekera ndipo m'kupita kwa zaka mafupa amafooka. Musawamwe pofuna kuchepetsa thupi.

Pa pathupi, levothayirokisini sasiyidwa ngakhale tsiku limodzi. Ubongo wa mwana umadalira mahomoni a mayi m'miyezi yoyambirira, ndipo mlingo umafunika kukwera ndi 25 mpaka 30 peresenti. Mayi womwa 100 patsiku nthawi zambiri amauzidwa kuwonjezera mapiritsi awiri pa sabata. Akangodziwa kuti waima apite kuchipatala sabata yomweyo, asadikire tsiku loyamba sikelo.